Kiyibodi ikamasintha mawu a Chichewa: njira zinayi zoiwongolera ndi kusiyana kwake

Mmalawi amene akukhala ku Joni amalemba zilankhulo ziwiri kapena zitatu pa foni imodzi dzuwa lisanalowe. M'mawa amadziwitsa bwana wake wa ku Randburg m'Chingerezi kuti takisi yachedwa, masana amayankha mnzake wa kuntchito ndi mawu angapo a Chizulu, ndipo madzulo amalembera mayi ake ku Mangochi kapena ku Ntcheu m'Chichewa. Foni yogulidwa kuno nthawi zambiri imabwera ndi kiyibodi yodziwa Chingerezi chokha, choncho mawu alionse a Chichewa imawaona ngati Chingerezi cholembedwa molakwika, ndipo imayesa kuwakonza.

Anthu ambiri akatopa nazo amangonena kuti foni ikusintha mawu, koma pamenepa pali zinthu zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi pozimitsira pake. Choyamba ndi kusintha mawu kwenikweniko: mwalemba mawu anu, ndipo mukangodina batani lalitali losiyira mpata, kiyibodi imachotsa zomwe mwalemba n'kuikapo zake. Chachiwiri ndi kamzere ka pamwamba pa zilembo kamene kamaonetsa mawu atatu oti musankhepo. Kamzere kameneka sikasintha kanthu pokhapokha inu mutakadina. Chachitatu ndi kamzere kofiira kamene kamabwera pansi pa mawu omwe foni sikuwadziwa, ndipo nakonso sikasintha uthenga, komanso amene mukumulemberayo sakaona. Chimene chimaononga mauthenga ndi choyambacho. Zina ziwirizo zimangosokoneza maso, ndipo kuzindikira zimenezi kumathandiza kuti munthu asataye chinthu chothandiza pothamangitsa chovutitsa.

N'kofunikanso kudziwa mawu amene amavutika kwambiri. Kiyibodi imasintha mawu pamene yapeza ena a m'nkhokwe yake ofanana nawo kwambiri, makamaka ngati kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokhala moyandikana ndi chomwe mwadinacho. Pa kiyibodi wamba chilembo i ndi o zili moyandikana, motero "ine" amatha kusanduka "one" ndipo "moni" amatha kusanduka "mini", chifukwa foni ikuganiza kuti chala chanu chinaterereka. Mawu aatali monga "sindinakuuzeni" kapena "tidzaonananso" alibe ofanana nawo m'Chingerezi, choncho nthawi zambiri amasiyidwa momwe alili n'kungopatsidwa kamzere kofiira. Amene amaonongeka ndi timawu tifupitifupi tomwe timagwira chiganizo, monga ndi, ine, tili, ali, basi ndi ana, komanso mayina a anthu ndi a midzi.

Njira yoyamba: kuzimitsa zonse

Iyi ndi njira yachidule, ndipo imagwira ntchito pa foni iliyonse popanda kutsitsa chilichonse pa intaneti. Pa kiyibodi ya Google yotchedwa Gboard, imene imapezeka pa mafoni ambiri a Android, tsegulani polembera uthenga, dinani kachizindikiro ka gudumu la mano kamene kali pamwamba pa zilembo, kenako lowani pa Text correction. Pa mafoni ena atsopano dzinali lasintha pang'ono, koma mawu oti correction amakhalapobe. M'menemo zimitsani Auto-correction, Show suggestion strip ndi Spell check. Pa Samsung njira yake ndi Settings, General management, Samsung Keyboard settings, ndipo mukazimitsa Predictive text, nayo Auto replace imasiya kugwira ntchito chifukwa imadalira inzakeyo. Pa iPhone lowani pa Settings, General, Keyboard, n'kuzimitsa Auto-Correction, Predictive Text ndi Check Spelling.

Ubwino wake ndi wakuti chimene mwalemba ndicho chimapita, popanda chozizwitsa. Kuipa kwake kumaonekera m'Chingerezi. Munthu amene amalembera mwini nyumba za lendi, kapena amene akufunsira ntchito kudzera pa uthenga, amakhala wataya thandizo pa mawu ovuta kalembedwe kake, ndipo zolakwika zonse za chala zimapita momwemo. Njirayi ndi yoyenera kwa amene pafupifupi mauthenga ake onse ndi a Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, komanso kwa achikulire amene kamzere kosinthasintha kaja kamawabalalitsa.

Njira yachiwiri: kuzimitsa kusintha mawu kokha

Apa mumazimitsa chinthu chimodzi basi, chomwe ndi Auto-correction pa Gboard ndi pa iPhone, kapena Auto replace pa Samsung, ndipo kamzere ka pamwamba kaja mumakasiya. Zikatero kiyibodi imakhalabe ikupereka maganizo ake koma siikhudza uthenga wanu. Mukamalemba Chichewa mumangonyalanyaza kamzereko, ndipo mukafika pa mawu a Chingerezi amene simukutsimikiza kalembedwe kake, mumayang'ana pamwamba n'kudina olondolawo. Kwa anthu ambiri a kuno, iyi ndi njira imene imachotsa vuto lalikulu popanda kutaya kanthu kenikeni, ndipo ndi imene ndingauze munthu kuti ayambire.

Pali zazing'ono ziwiri zoyenera kuziona pamalo omwewo. Pa Gboard, Next-word suggestions ndi imene imalosera mawu otsatira musanalembe n'komwe chilembo, ndipo mutha kuizimitsa payokha kamzereko n'kukhalabe. Pa iPhone, kuyambira pa iOS 17 ya mu 2023, mawu oloseredwa amathanso kuonekera motuwa m'kati mwenimweni mwa uthenga, patsogolo pa pomwe mukulemba, ndipo mukadina batani la mpata amalowa. Ambiri amaganiza kuti kusintha mawu kwabwerera, pamene ndi chinthu china. Chozimitsira chake ndi Show Predictions Inline.

Samsung ili ndi mwayi umene Gboard ilibe. Mukadina pa mawu oti Auto replace, osati pa kabatani kake, mumapeza mndandanda wa zilankhulo zomwe mwaika, chilichonse ndi pozimitsira pake. Choncho munthu atha kuika mitundu iwiri ya Chingerezi, wa ku Britain ndi wa ku America, n'kuyatsa kusintha mawu pa umodzi wokha. Umene wayatsawo amalembera abwana, ndipo winawo amalembera kumudzi. Pa Gboard kabatani ka Auto-correction ndi kamodzi, ndipo kamalamulira zilankhulo zonse zomwe mwaika.

Njira yachitatu: kuonjezera Chichewa pa kiyibodi

Ena amaopa njirayi poganiza kuti foni yonse isanduka ya chilankhulo china, mwina mpaka kulephera kuwerenga za kubanki. Sizili choncho. Chilankhulo cha kiyibodi ndi chosiyana ndi chilankhulo cha foni. Mukaonjezera Chichewa pa kiyibodi, zolembedwa zonse za m'foni zimakhalabe m'Chingerezi, ndipo chimene chasintha ndi nkhokwe ya mawu imene kiyibodi imayerekezera zomwe mukulemba.

Pa Gboard dinani gudumu lija, lowani pa Languages, kenako Add keyboard. Pofufuza yesani mayina onse awiri, Chichewa ndi Nyanja, chifukwa makampani a zamakompyuta amagwiritsa ntchito limodzi mwa awiriwa potchula chilankhulo chomwechi, ndipo ambiri amabwerera poganiza kuti palibe atangofufuza pa chilembo C. Mukachipeza, sankhani kaikidwe ka zilembo ka QWERTY, komwe ndi komwe munazolowera kale, n'kudina Done. Nkhokwe ya mawuyo imatsitsidwa pa intaneti, choncho ngati mwachita zimenezi mulibe bandulo, chilankhulocho chimaoneka pa mndandanda koma kamzere ka pamwamba sikapereka mawu a Chichewa mpaka foni italumikizidwa. Ndi bwino kuzichita muli pa wayifayi ya kuntchito kapena ya kumolo.

Zikatha izi pamakhala kusankha kwina, ndipo apa ndi pamene njirayi imapindulitsa kapena kukhumudwitsa. Mutha kusiya zilankhulo ziwirizo zili zopatukana, n'kumasintha nokha pokanikiza batani la mpata osachotsa chala, kapena podina kachizindikiro ka dziko lapansi. Muthanso kuziphatikiza: mu Languages dinani chilankhulocho ndipo muyatse Multilingual typing, kuti kiyibodi iziyang'ana m'nkhokwe zonse ziwiri nthawi imodzi. Kupatula kumathandiza munthu amene amalemba Chingerezi choyera kwa ena ndi Chichewa choyera kwa ena. Koma kalembedwe kathu ka kuno sikatero kawirikawiri. Timalemba kuti tikumana ku Park Station, kuti ndalama yatumizidwa pa Mukuru, kuti basi yadutsa pa Beitbridge, ndipo m'chiganizo chimodzi mumalowa mawu a zilankhulo ziwiri. Amene amalemba chonchi angatope ndi kusinthasintha, ndipo kuphatikiza ndiko kumamuyenera. Batani la mpata limalemba zilankhulo zimene zikugwira ntchito pa nthawiyo, choncho kuyang'ana pamenepo ndi njira yosavuta yodziwira ngati zatheka.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo amachokera pa kapangidwe ka Chichewa. Mneni mmodzi amabala mawu ambirimbiri: ndinapita, sindinapite, tidzapitanso, akadapita, mukamapita, ndipo nkhokwe iliyonse imasunga ena mwa iwo okha. Motero ngakhale Chichewa chitaikidwa, kiyibodi imakumanabe ndi mawu olondola amene siiwadziwa, ndipo ngati Auto-correction ili yoyaka, imatha kuwasinthira ku mawu ena a Chichewa omwe ikuwadziwa. Kulakwa kwa mtundu umenewu ndi koopsa kuposa kuja kwa Chingerezi. Mawu a Chingerezi akalowa pakati pa uthenga wa Chichewa wowerenga amaona yekha kuti ndi foni yachita zimenezo, koma "sindinatumize" akasanduka "ndinatumiza", kapena "adzabwera" akasanduka "anabwera", uthengawo umawerengeka bwinobwino uli ndi tanthauzo lina. Palinso nkhani ya kalembedwe: ena amalemba mau, ena mawu, ena kuonjezera, ena kuwonjezera, osanenanso zidule za pa foni monga bwnj ndi zkm. N'chifukwa chake maganizo anga ndi akuti njira yachitatuyi iziyenda pamodzi ndi yachiwiri: Chichewa chiikidwe kuti kamzere ka pamwamba kazipereka mawu athu ndipo timizere tofiira tichepe, koma kusintha mawu kukhale kozimitsa.

Pa Samsung zilankhulo zimaonjezeredwa pa Languages and types, kenako Manage input languages, ndipo kusintha kumachitika potsetsereka chala pa batani la mpata kupita kumanja kapena kumanzere. Pa iPhone ndi pa Keyboards, kenako Add New Keyboard. Mindandanda ya makampani awiriwa ndi yaifupi poyerekeza ndi wa Gboard, choncho mukafufuza mayina awiri aja osawapeza, chotsala ndi njira yachinayi.

Njira yachinayi: kuika kiyibodi ina

Kiyibodi ndi pulogalamu ngati ina iliyonse, ndipo imene inabwera ndi foni itha kulowedwa m'malo. Ziwiri zodziwika ndi Gboard ndi SwiftKey, imene kampani ya Microsoft inagula mu 2016. Zonse ndi zaulere. Pa Samsung, mukatsitsa yatsopanoyo, mumaisankha pa General management, Keyboard list and default. Foni imakuchenjezani kuti kiyibodi itha kuona zonse zomwe mukulemba. Chenjezo limeneli limabwera pa kiyibodi iliyonse yoonjezera, koma ndi loona, ndipo ndi chifukwa chokwanira chopewera makiyibodi osadziwika mwini wake amene amakopa anthu ndi zithunzi za maluwa ndi zilembo zowala. Pa kiyibodi ndi pomwe pamadutsa manambala a kubanki.

SwiftKey imalola zilankhulo mpaka zisanu nthawi imodzi pa Android popanda kusinthasintha, ndipo imaphunzira msanga kalembedwe ka mwini foni, zomwe zimathandiza munthu wosakaniza Chichewa, Chingerezi ndi Chizulu. Koma inapangidwa mozungulira kulosera mawu: mutha kuzimitsa Autocorrect pa Typing, koma kamzere ka mawu oloseredwa sikachotsedwa. Amene chomwe chikumuvuta ndi kamzereko asapite kumeneko, asankhe Gboard. Pa iPhone makiyibodi a makampani ena amaloledwa kuyambira mu 2014, koma foniyo imabweza kiyibodi yake nthawi iliyonse mukamalemba pasiwedi, ndipo makiyibodi amenewa amapempha chilolezo chotchedwa Allow Full Access kuti zina zigwire ntchito. Kwa mwini iPhone njira yachiwiri nthawi zambiri imakwanira. Ayang'anenso Smart Punctuation, imene imapinda kachizindikiro ka m'mawu monga m'nyumba ndi ng'ombe. Pa uthenga wamba zilibe vuto, koma m'mafomu ena a pa intaneti dzina lokhala ndi kachizindikiro kopindika limatha kukanidwa.

Momwe zimakhalira pa foni imodzi

Tiyerekeze mayi wogwira ntchito zapakhomo ku Fourways, amene amakhala ku Diepsloot ndipo ali ndi foni ya Samsung imene anaigula kwa munthu wina. Tsiku lililonse amalembera abwana ake m'Chingerezi, ndipo kumapeto kwa mwezi amatumiza ndalama kwa mchemwali wake ku Balaka. Akalemba kuti "Moni achemwali, ine ndili bwino kuno, ndatumiza R800", mawu oyambawo amatuluka ali "Mini", ndipo pa kamzere ka pamwamba pamabwera mawu a Chiafrikaans amene iye sanawalembepo.

Mawu achilendowo ndi chizindikiro chakuti foniyo siinafufutidwe pamene inagulitsidwa, ndipo kiyibodi ikukumbukirabe zomwe mwini wake wakale ankalemba. Choyamba ndi kuchotsa zimenezo: mu Samsung Keyboard settings muli Reset to default settings, ndipo m'menemo muli Erase personalized predictions. Mauthenga ndi manambala a anthu sizikhudzidwa, zimene zimachoka ndi mawu omwe kiyibodi inaphunzira. Chachiwiri ndi kuzimitsa Auto replace n'kusiya Predictive text, chifukwa Chingerezi cha kwa abwana chikufunikabe thandizo. Akatero alembenso uthenga womwe uja poyesa, osautumiza. Ngati "Moni" wakhala momwemo atadina batani la mpata, vuto lalikulu latha, ndipo zimenezi sizitenga mphindi zisanu kapena bandulo. Ngati akufuna kuti kamzereko kazimuthandizanso pa Chichewa, ndiye kuti atsitse Gboard, aike English (South Africa) pamodzi ndi Chichewa, ayatse Multilingual typing, ndipo azimitsenso Auto-correction m'menemo, popeza kiyibodi iliyonse ili ndi makonzedwe akeake ndipo zomwe anazimitsa pa ya Samsung sizisamukira pa yatsopanoyo.

Chotsala ndi mayina, ndipo apa ndi pamene pamatayika ndalama ndi nthawi. Manambala sasinthidwa ndi kiyibodi, koma dzina la wolandira ndalama, limene liyenera kufanana ndi la pa chiphaso chake, limatha kusinthidwa pamene likutumizidwa pa uthenga kwa munthu amene akukatumiza ndalamayo. Mayina otere ndi ofunika kuwalowetsa m'nkhokwe ndi manja. Pa Gboard ndi pa Dictionary, Personal dictionary, kenako chizindikiro cha kuphatikiza. Pamenepo mutha kuikanso chidule, kuti mwachitsanzo mukalemba zkm kamzereko kazipereka "zikomo kwambiri". Pa Samsung zidule zili pa Text shortcuts. Pa iPhone ndi pa Text Replacement, ndipo mukalemba dzinalo pa Phrase n'kusiya Shortcut popanda kanthu, foniyo imasiya kulisintha. Mayina khumi kapena makumi awiri a abale, midzi ndi maboma amakwanira kwa anthu ambiri.

Zikapitirirabe mutazimitsa

Nthawi zina munthu amazimitsa zonse koma mawu n'kumasinthabe, ndipo chifukwa chake chimadziwika poona momwe vutolo likuonekera. Ngati mawu athunthu akutulukira mwadzidzidzi pamene mukulemba mofulumira, ndiye kuti chala chikukwekwereza pa zilembo ndipo kiyibodi ikuganiza kuti mukulemba motsetsereka. Kalembedwe kameneka nthawi zonse kamasankha mawu a m'nkhokwe, ngakhale kusintha mawu kutazimitsidwa. Pa Gboard kamatchedwa Glide typing, pa iPhone Slide to Type, ndipo kali ndi pozimitsira pakepake.

Ngati mawu sakusintha koma timizere tofiira tikadalipo, ndiye kuti ndi choyang'anira kalembedwe cha foni yeniyeniyo, chimene pa mafoni ambiri a Android chili pa Settings, System, pansi pa za zilankhulo ndi kiyibodi, pa dzina loti Spell checker. Pa Samsung ndi Auto spell check, kapena Suggest text corrections pa mafoni atsopano. Ndipo ngati pa kamzere pakubwerabe mawu amodzi olakwika amene munalembapo kale kangapo, kiyibodi inawaphunzira kwa inu. Palibe chifukwa chofufutira zonse: akanikizeni mawuwo pa kamzerepo osachotsa chala, ndipo Gboard imaonetsa kabini koti muwakokeremo, pamene Samsung ndi SwiftKey zimafunsa ngati mukufuna kuwachotsa. Pa iPhone kufufuta zomwe kiyibodi inaphunzira kuli pa General, Transfer or Reset iPhone, Reset, Reset Keyboard Dictionary, ndipo pamafunika kusamala chifukwa pa tsamba lomwelo palinso batani lofufuta foni yonse.

Amene asankha kusiya kusintha mawu kuli koyaka chifukwa amalemba Chingerezi kwambiri ali ndi chitetezo chimodzi pa Gboard, chomwe ndi Undo auto-correct on backspace. Chikakhala choyaka, kudina kamodzi batani lofufutira mawu akangosinthidwa kumabweza zomwe munalemba. Pa iPhone ya iOS 17 kapena yoposa pamenepo, mawu osinthidwa amakhala ndi kamzere pansi kwa kanthawi, ndipo mukawadina mumapeza mawu anu oyamba. Uthenga ukakhala kuti wapita kale uli wolakwika, WhatsApp imalola kuukonza m'kati mwa mphindi 15 kuchokera pomwe mwautumiza: ukanikizeni osachotsa chala, sankhani Edit, ndipo wolandirayo amaona uthenga wokonzedwawo uli ndi chizindikiro chakuti wasinthidwa.